Uphungu: Lisiti ili ndi la chaka chiti cha zachuma?

Chaka cha zachuma choyamba mu Julayi chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni chaka chotsatira, ndipo masiku onse awiriwa amawerengedwa m'kati. Pamenepa ndi pamene pasokoneza mayi wina wa ku Kachulu, msungichuma wa gulu la amayi ogulitsa matemba a m'nyanja ya Chilwa. M'kalata yawo alemba kuti: "Anzanga akundinena kuti ndabisa ndalama chifukwa lisiti la pa 14 Malichi 2024 ndinaliika m'buku la 2023/24. Akuti chaka cholembedwa pa lisitilo ndi 2024, choncho ndi la 2024/25. Tulo sindikupeza."

Mayiwa sanalakwitse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti akunyozedwa pa ntchito imene aigwira bwino. Poweruza tsiku, choyamba kuyang'ana ndi mwezi, osati chaka. Mwezi ukakhala pakati pa Julayi ndi Disembala, chaka cholembedwa pa lisiti ndicho chiyambi cha chaka cha zachumacho. Ukakhala pakati pa Januwale ndi Juni, pa chakacho pamachotsedwa chimodzi. Malichi ali m'gulu lachiwirili, motero 2024 kuchotsapo chimodzi ndi 2023, ndipo lisitilo ndi la 2023/24. Lisiti la pa 30 Juni 2024 nalonso ndi la 2023/24, koma la m'mawa mwake, pa 1 Julayi, limatsegula buku la 2024/25.

Vuto lina limabwera ndi masiku olembedwa m'manambala okha. Kuno ku Malawi tsiku limayamba, mwezi n'kutsatira, choncho 06/07/2024 ndi pa 6 Julayi. Wina akawerenga chobwerera, amvekere 7 Juni, lisitilo lagwa kale m'buku lolakwika. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba dzina la mwezi m'mawu.

Palinso nsomba zangongole. Wogula akatenga matemba pa 28 Juni n'kudzalipira pa 3 Julayi, gulu limene limalemba ndalama pa tsiku lozilandira liziika mu chaka chatsopano, ndipo ngongoleyo ionekere pa mndandanda wa omwe anali asanalipire pofika pa 30 Juni.

Chisokonezo china chimachokera ku boma. Kwa zaka zambiri chaka cha zachuma cha boma la Malawi chinkayamba mu Julayi, koma cha 2021/22 chinangokhala cha miyezi 9, kuchokera Julayi 2021 mpaka Malichi 2022, ndipo kuyambira pa 1 Epulo 2022 chimayamba mu Epulo. Motero pa 10 Meyi 2024 ku boma ndi 2024/25 pamene ku gulu la amayiwa ndi 2023/24. Chimene chimamanga msungichuma ndi malamulo a gulu lake. Pa msonkhano wotsatira, mayiwa awerenge ndime yonena za chaka cha gululo pamaso pa onse, kenako ayale malisitiwo mwezi ndi mwezi, kuyambira a Julayi 2023.