Kusandutsa Chithunzi cha Samu Yosovedwa Kukhala Masitepe Okhala ndi Zifukwa

Aphunzitsi anzanga, ambiri a inu mumalandira zithunzi za masamu pa foni. Mnzanu wa kusukulu ina wajambula bolodi asanafufute, kapena wophunzira wajambula tsamba la kope lake kuti mumuonere. Chithunzicho chimaonetsa zimene wosovayo analemba, koma zimene ankaganiza pochoka pa mzere wina kufika pa wina sizioneka. Mwana amene sanali m'kalasimo akachilandira amangokopera, ndipo mukamusinthira nambala imodzi yokha amaima. M'phunziro lino titenga chithunzi chimodzi n'kuchilemba mwatsopano m'masitepe a manambala, sitepe iliyonse ndi chifukwa chake chachifupi. Tengani kope ndi pensulo, tizichitira limodzi.

Choyamba, koperani zimene mukuona

Tiyerekeze kuti chithunzi chathu ndi cha bolodi ya ku sekondale, ndipo pali mizere inayi. Pa mzere woyamba pali mafulakishoni awiri olembedwa chotsika: x + 2 pamwamba, 3 pansi, kenako chizindikiro chochotsera, kenako x − 1 pamwamba, 4 pansi, ndipo zonsezi n'zofanana ndi 2. Pa mzere wachiwiri dzuwa lolowera pa windo lawalira pa bolodi moti chizindikiro chimodzi sichikuoneka. Tikakopera, zikhala chonchi:

(a) (x + 2)/3 − (x − 1)/4 = 2
(b) 4x + 8 − 3x ? 3 = 24
(c) x = 24 − 11
(d) x = 13

Onani zinthu ziwiri zimene ndachita. Pamene sipakuoneka ndaikapo chizindikiro cha funso, sindinalotere. Ndiponso mizere ya pa chithunzi ndaipatsa malembo, kuti manambala akhale a masitepe athu, zisasokonezane.

Tsopano yang'anani mabulaketi a mu mzere (a). Pa bolodi panalibe mabulaketi. Mzere wogona wa fulakishoni ndi umene unkamanga x ndi 2 pamodzi ngati mtolo umodzi. Mukamataipa pa foni kapena kulemba chopingasa, mzere uja umasowa, ndiye ntchito yake iyenera kugwiridwa ndi mabulaketi. Mukalemba x + 2/3, mwalemba samu ina: yogawidwa ndi 3 ikhala 2 yekha. Yesani ndi x = 13. Pa (x + 2)/3 mupeza 5, koma pa x + 2/3 mupeza 13 ndi kachidutswa. Pa zolakwika zonse za pokopera, ichi ndi chimene ndimakumana nacho kawirikawiri m'ntchito zimene ndimachonga, ndipo wolembayo sachiona chifukwa m'mutu mwake akuonabe bolodi ija.

Yesani yankho musanalifotokoze

Musayambe kulemba zifukwa musanadziwe ngati samuyo ili yokhoza. Bwezerani 13 mu mzere (a). Fulakishoni yoyamba ikhala 15/3, imene ndi 5. Yachiwiri ikhala 12/4, imene ndi 3. Ndipo 5 − 3 = 2. Yankho lakhoza.

Nanga chizindikiro chobisika chija? Tili ndi mboni ziwiri. Mzere (c) uli ndi 11, ndipo 11 angachokere pa 8 + 3 basi. Chikanakhala chochotsera tikanaona 5. Mboni yachiwiri ndi masamu enieniwo: −3 kuchulukitsa ndi −1 ndi +3. Mboni zonse zagwirizana, choncho mzere (b) ndi 4x + 8 − 3x + 3 = 24. Zikapanda kugwirizana, pemphani mwini wake ajambulenso atatseka windo kapena ataima cham'mbali.

Kusaka masitepe amene anadumphidwa

Apa ndi pamene pagona ntchito. Ikani chala chimodzi pa mzere (a), china pa mzere (b), n'kudzifunsa kuti: zasintha ndi zinthu zingati? Mafulakishoni asowa. 2 wasanduka 24. Mabulaketi atseguka. Wosovayo anachita zinthu zitatu m'mutu n'kulemba mzere umodzi. Kwa iye ndi sitepe imodzi, koma kwa wophunzira ndi phompho. Lamulo lathu ndi lakuti sitepe imodzi izinyamula chochita chimodzi. Mukaona kuti chifukwa chanu chikufuna mawu oti "kenako" kapena "ndiponso", dziwani kuti pamenepo pali masitepe awiri amene aberekana.

Pakati pa (b) ndi (c) napo pali mzere wosalembedwa, wa x + 11 = 24. Tikabwezeretsa zonse, samu yathu ioneka motere:

1. (x + 2)/3 − (x − 1)/4 = 2
Chifukwa: ili ndi funso monga laperekedwa.
2. Tisankha 12.
Chifukwa: ndi nambala yaing'ono kwambiri imene 3 ndi 4 amalowamo popanda chotsala.
3. 12 × (x + 2)/3 − 12 × (x − 1)/4 = 12 × 2
Chifukwa: tikufuna kuthetsa mafulakishoni, mbali zonse zichulukitsidwe mofanana kuti zikhalebe zofanana.
4. 4(x + 2) − 3(x − 1) = 24
Chifukwa: 12 ÷ 3 = 4 ndipo 12 ÷ 4 = 3.
5. 4x + 8 − 3x + 3 = 24
Chifukwa: nambala ya kunja ichulukitsa chilichonse cha m'bulaketi; −3 × −1 = +3.
6. x + 11 = 24
Chifukwa: a x tawasonkhanitsa paokha, manambala paokha.
7. x = 24 − 11
Chifukwa: tachotsa 11 mbali zonse kuti x atsale yekha.
8. x = 13
Chifukwa: 24 − 11 = 13.
9. 15/3 − 12/4 = 5 − 3 = 2
Chifukwa: kuyesa yankho m'funso loyamba, mbali zafanana.

Mizere inayi yabala masitepe asanu ndi anayi. Musadandaule ndi kutalikako. Koma musapitirirenso muyezo mpaka kulemba 8 + 3 = 11 ngati sitepe payokha kwa ana a sekondale. Kukula kwa sitepe kumatengera amene adzawerenge. Ngati kalasi yanu ndi yozolowera mafulakishoni, 2 ndi 3 mungaziphatikize. Koma sitepe 4 musaidumphe ngakhale kalasi itakhala yanzeru bwanji, chifukwa ndi yokhayo imene ikuonetsa poyera kuti −3 akuchulukitsa bulaketi yonse.

Chifukwa chenicheni ndi chifukwa chabodza

Ndisanayambe kuphunzitsa aphunzitsi ndinakhala zaka zambiri m'makalasi a sukulu za kwacha. Kumeneko ndinaphunzira kuti munthu amene akuyamba kumene kuwerenga amakhumudwa chinthu chimodzi chikamatchulidwa mayina atatu. Wophunzira masamu ali chimodzimodzi. Mukanena "kuchotsa mbali zonse" mu sitepe ina, musanene "kusamutsa" mu ina, "kuwolotsa" mu inanso. Sankhani mawu amodzi, muwasunge mpaka samu ithe. Chifukwacho chikhale chokwana mpweya umodzi mukachiwerenga mokweza. Chikakupumitsani pakati, chatalika.

Pali zifukwa za mitundu iwiri zimene sindizilandira. Mtundu woyamba ndi wongobwereza zimene diso laona kale, monga kulemba pa sitepe 5 kuti "tatsegula mabulaketi". N'zoona, koma mwanayo waona yekha kuti mabulaketi apita. Chimene sakudziwa n'chakuti +3 wachokera kuti, pamene m'bulaketi munali −1. Chifukwa chabwino chimayankha funso limene mwana wamanyazi akanafunsa akanalimba mtima.

Mtundu wachiwiri ndi wa malamulo a pamtima, monga uja tonse tinakula nawo wakuti nambala ikawoloka imasintha chizindikiro. Pa sitepe 7 lamuloli lipereka yankho lokhoza, sindikukana. Vuto lidzabwera tsiku limene mwanayo adzakumane ndi 3x = 12. Adzawolotsa 3, n'kumusintha chizindikiro, n'kulemba x = 12 − 3, kapena x = 12 ÷ (−3). Amene anaphunzira kuti chimene tachita mbali ino tichitenso mbali inayo, monga pa sikelo ya pa msika, adzagawa mbali zonse ndi 3 n'kupeza 4. Kunena zoona palibe nambala imene imawoloka. Timangochotsa, kuphatikiza, kuchulukitsa kapena kugawa mbali zonse ziwiri.

Pali njira yapafupi yoyesera zifukwa zanu. Phimbani masitepe ndi pepala, musiye funso ndi zifukwa zokha, mupatse mnzanu wa mu sitafu, makamaka amene saphunzitsa masamu. Pamene waima osadziwa cholemba, pamenepo chifukwa chanu n'choperewera kapena mwadumpha sitepe.

Chithunzi chikakhala ndi cholakwa

Bwanji chithunzicho chikanathera pa x = 19? Kuyesa kukanationetsa msanga: 21/3 − 18/4 ndi 7 − 4.5, ndiye kuti 2.5, osati 2. Zikatero musafufute zonse n'kuyamba samu yanuyanu. Tsikani mzere ndi mzere kufuna woyamba umene simungaupezere chifukwa choona. Ngati kutero kukuvuta, tengani yankho lokhoza, 13, muliike mu mzere uliwonse. Mu 4(x + 2) − 3(x − 1) mupeza 60 − 36 = 24, zili bwino. Mu 4x + 8 − 3x − 3 mupeza 18, osati 24. Cholakwa chili pamenepo: wosovayo anachulukitsa −1 ndi 3 m'malo mwa −3. Mizere yotsatira anaisova bwinobwino, kungoti inamangidwa pa maziko opindika.

Polemba masitepe, sungani njira ya mwini samuyo. Pa sitepe yolakwikayo lembani mzere wake monga unalili, muuike nyenyezi, pansi pake mzere wokonzedwa ndi chifukwa chake. Mwana amaphunzira zambiri akaona kuti anayenda bwino masitepe anayi n'kupunthwa pa amodzi, kusiyana n'kulandira tsamba lofiira lonse. Ndipo ngati chithunzicho ndi cha kope la wophunzira, dulani kapena phimbani dzina lake musanachionetse kwa ena.

Ntchito yoti muchite

Pa chithunzi china pali mizere iyi:

(a) y/2 + y/3 = 5
(b) 3y + 2y = 5
(c) y = 1

Yesani yankholo. Pezani mzere woyamba wolakwika. Kenako lembani samu yonse m'masitepe a manambala, iliyonse ndi chifukwa chake, osaiwala sitepe yoyesera. Mukamaliza ndi pamene muwerenge ndime ili m'munsiyi.

Mukaika y = 1 mupeza 1/2 + 1/3 = 5/6, osati 5. Cholakwa chili pa (b): mbali ya kumanzere inachulukitsidwa ndi 6, koma 5 wa kumanja anaiwalika. Mzerewo uyenera kukhala 3y + 2y = 30, kenako 5y = 30, kenako y = 6, ndipo poyesa, 3 + 2 = 5. Masitepe anu akhale pakati pa asanu ndi limodzi ndi asanu ndi atatu. Ngati ndi ochepera apo, onani ngati mwalemba mzere woonetsa 6 akuchulukitsa zigawo zonse zitatu, kuphatikizapo 5 uja. Onaninso chifukwa chimene mwalemba pochoka pa 5y = 30 kufika pa y = 6. Ngati muli mawu oti "kuwoloka", chilembeninso.