Agogo Ankatha, Zuze Anatha

Phunziro ili likunena za mawu atatu a Cingerezi: can, could ndi was able to. Mawu onsewa amanena za kutha kucita cinthu. Wamkulu awerenge nkhaniyi mokweza. Ana amvetsere, ndipo abwereze mawu a Cingerezi kawirikawiri.

1. Zimene Zuze amatha

Zuze ali ndi zaka 7. Iye amakhala m'mudzi wina ku Angonia, ndipo ali m'kalasi yoyamba. Mlongo wake Tereza amaphunzira ku sekondale ku Ulongwe. Kumeneko amaphunzira Cipwitikizi ndi Cingerezi.

Loweruka lina Tereza anabwera kumudzi. Madzulo onse anakhala pakhonde. Agogo aamuna ankasoka mphasa.

"Acemwali, ndiphunzitseni Cingerezi," anatero Zuze.

"Uyambe wandiuza cimene umatha kucita," anayankha Tereza.

"Ndimatha kuthamanga. Koma sinditha kusambira."

Tereza anatola khala nalemba pansi:

Zuze can run. Zuze amatha kuthamanga.
Zuze can't swim. Zuze satha kusambira.

Liwu lakuti can limanena zimene munthu amatha tsopano lino. Liwu lakuti can't limakana. Limanena zimene munthu satha.

2. Zimene agogo ankatha

Agogo anaseka. "Iwe sutha kusambira? Ine ndili mnyamata ndinkatha kusambira kwambiri. Anzanga onse ndinkawasiya m'mbuyo. Lero mawondo akana."

"Nanga kuwerenga munkatha, agogo?" anafunsa Zuze.

"Iyayi, mdzukulu wanga. Sukulu inali kutali. Ndinadziwa kuwerenga ndili kale ndi ana awiri."

Tereza analembanso:

Grandfather could swim. Agogo ankatha kusambira.
Grandfather couldn't read. Agogo sankatha kuwerenga.

Pokamba za kale, can amasanduka could. Liwu limeneli limanena luso limene munthu anali nalo kwa nthawi yaitali. Agogo sanasambire tsiku limodzi lokha ai. Luso losambira linali m'thupi mwawo zaka zambiri. Akafuna ankasambira, akapanda kufuna ankakhala pamtunda.

3. Kambuzi m'matope

"Tsopano mvera zimene anacita mlongo wakoyu Lacitatu," anatero agogo.

Lacitatu kunagwa mvula yambiri. Itakata, Zuze anapita ndi mbuzi kudambo. Kambuzi kakang'ono kanatsetsereka n'kutitimira m'matope mpaka m'mimba. Kambuziko n'kamene amayi akusunga kuti adzagulitse, Tereza adzapeze makope ndi zolembera.

Zuze anaima pouma nagwira kambuzi miyendo yakutsogolo. Anakoka, koma sikanasunthe. Anakokanso, koma matope anakagwira zolimba. Dzuwa linali litapendeka, ndipo kambuzi kanayamba kunjenjemera.

Zuze anaitana mnzake Mariya, amene ankadyetsa mbuzi capafupi. Mariya anabwera ndi luzi. Anawo anamanga luzi m'cifuwa mwa kambuzi, osati m'khosi, kuti kangatsamwe. Anakoka pamodzi, ndipo kambuzi kanazuka. Koma sikanathe kuyenda cifukwa ca kuzizidwa. Zuze anakanyamula paphewa mpaka kunyumba. Amayi anakaika pafupi ndi moto, ndipo m'mawa kanayamba kudya.

Tereza anaomba m'manja. "Wacita bwino, Zuze. Tanena m'Cingerezi kuti unakanyamula."

Zuze anaganiza pang'ono. Zinali zakale, tsono anati: "Zuze could carry the goat."

"Ukatero wanena kuti Zuze ankatha kunyamula mbuzi," anatero Tereza. "Wanena kuti mphamvu anali nazo. Koma sunanene ngati Lacitatu anainyamuladi."

"Ndiye womva adzafunsa kuti kodi kambuzi kanafika kunyumba kapena kanagona kudambo," anatero agogo.

Tereza analemba mawu oyenera:

Zuze was able to carry the goat. Zuze anatha kunyamula mbuzi.

Mawu akuti was able to amanena cinthu cimene munthu anayesa tsiku lina, ndipo cinathekadi. Cinacitika kamodzi, ndipo cinatha bwino.

Munthu akakhala mmodzi, mawu ake ndi was able to. Anthu akakhala awiri kapena ambiri, mawu ake ndi were able to:

Zuze and Mariya were able to save the goat. Zuze ndi Mariya anatha kupulumutsa mbuzi.

4. Ankatha ndi anatha

Cinyanja nacenso cimasiyanitsa zinthu ziwirizi. Mverani bwino:

Agogo ankatha kusambira.
Zuze anatha kunyamula mbuzi.

Liwu lakuti ankatha limanena za masiku ambiri akale. Liwu lakuti anatha limanena za nthawi imodzi. Mwana akafuna kusankha liwu la Cingerezi, ayambe wanena ciganizo cake m'Cinyanja. Akamva ankatha, asankhe could. Akamva anatha, asankhe was able to.

5. Pokana

Zuze anafunsa, "Acemwali, nanga poyamba paja ndinalephera kukazula ndekha. Ndinene bwanji?"

"Pokana mpophweka," anayankha Tereza. "Liwu lakuti couldn't limagwira nchito ponseponse."

Grandfather couldn't read. Agogo sankatha kuwerenga.
Zuze couldn't pull the goat. Zuze sanathe kukoka mbuzi.

Ciganizo coyamba cikunena za zaka zambiri. Caciwiri cikunena za Lacitatu lokha. Koma zonse ziwiri zatenga couldn't. Cifukwa cake n'cakuti pokana palibe cokayikitsa. Munthu akalephera, womva wadziwa kale kuti cinthuco sicinacitike.

Mawu akuti wasn't able to nawonso amakana:

The goat couldn't walk. Mbuzi sinathe kuyenda.
The goat wasn't able to walk. Mbuzi sinathe kuyenda.

Ziganizo ziwirizi n'zolondola, ndipo zikunena cinthu cimodzi.

Zuze anaimirira nayamba kuloza. Analoza agogo nati, "Could swim!" Anadziloza yekha nati, "Was able to carry!" Analoza kukhola nati, "Couldn't walk!" Agogo anaseka mpaka singano inagwa pansi.

Kumbukirani

Amatha: can
Satha: can't
Ankatha: could
Anatha: was able to
Sankatha, sanathe: couldn't

Mafunso

1. Kodi agogo ankatha ciyani ali mnyamata?
2. Kodi agogo sankatha ciyani?
3. N'cifukwa ciyani Zuze anaitana Mariya?
4. N'cifukwa ciyani anawo sanamange luzi m'khosi mwa kambuzi?
5. Tereza anakana ciganizo cimodzi ca Zuze. Kodi cinalakwika n'ciyani?

Nchito yoyamba

Wamkulu awerenge ciganizo ca Cinyanja. Mwana anene liwu la Cingerezi loyenera: can, can't, could, was able to kapena couldn't.

1. Mariya amatha kuyimba.
2. Amayi ankatha kudumpha cingwe ali mtsikana.
3. Dzulo atate anatha kukonza njinga.
4. Khanda silitha kuyenda.
5. Dzulo Zuze sanathe kupeza colembera cake.
6. Kale agogo aakazi sankatha kupalasa njinga.

Nchito yaciwiri

Jambulani zithunzi ziwiri. Coyamba cionetse cinthu cimene simunkatha muli wamng'ono. Caciwiri cionetse cinthu cimene mumatha tsopano. Onetsani zithunzizo kwa anzanu, ndipo munene kuti I couldn't poloza coyamba, I can poloza caciwiri.

Nchito ya kunyumba

Funsani agogo kapena munthu wina wamkulu mafunso awiri. Loyamba: "Kodi munkatha ciyani muli mwana?" Laciwiri: "Kodi ndi tsiku liti limene munatha kucita cinthu covuta?" Yankho loyamba ndi la could. Laciwiri ndi la was able to. Mawa mukauze anzanu m'kalasi.

Kwa makolo ndi akuluakulu

Mwana wa kalasi yoyamba asakakamizidwe kulemba mawu a Cingerezi amenewa. Kumva ndi kunena n'kokwanira. Pothandiza mwana, samalani zinthu zinayi izi.

Coyamba ndi kachulidwe. M'liwu lakuti could muli lembo la l, koma silimveka. Liwuli limamveka ngati "kud". Mwana akanena "kuld", munene liwulo bwino kuti abwereze.

Caciwiri ndi mneni wotsatira. Pambuyo pa can, could ndi couldn't mneni sasintha, ndipo salandira to. Colondola ndi could swim. Kunena could to swim kapena could swam n'kulakwa. Ana amakonda kuikapo to cifukwa m'Cinyanja mneni wotsatira amayamba ndi ku, monga ankatha kusambira. Pa mawu a m'phunziro lino, to amapezeka mu able to mokha.

Cacitatu ndi malire a mawu awiriwa. Mawu akuti was able to angathenso kunena za luso lakale. Munthu akati Grandfather was able to swim sanalakwe, ngakhale could ndiye amamveka kawirikawiri. Koma could salowa m'malo mwa was able to pokamba za cinthu cimene cinatheka kamodzi. Njira yozindikirira ndi iyi: ngati ciganizo cikunena kuti munthu anayesa nthawi ina n'kupambana, mawu ake ndi was able to.

Cacinayi ndi aneni a kuona ndi kumva. Amenewa salitsata lamuloli. Ndi see ndi hear, could amaloledwa ngakhale pa nthawi imodzi. Zuze could hear the goat ndi ciganizo colondola, ndipo cikutanthauza kuti Zuze ankamva kulira kwa mbuzi panthawiyo. Zimenezi ndi za wamkulu wothandiza mwana. Mwana adzaziphunzira m'makalasi a kutsogolo.

Mayankho a nchito yoyamba

1. can
2. could
3. was able to
4. can't
5. couldn't
6. couldn't