Kukana msonkhano popanda kunyoza wokuitanani

Muulutsi: Kalata yotsatira yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amagwira ntchito yowerengera ndalama. Akuti: "Mkulu wa nthambi ina kuntchito kwathu wandiitana kumsonkhano Lachinayi nthawi ya 10 koloko m'mawa, koma tsikulo ndi lokonza malipiro a antchito. Ndalemba kuti, 'Sindibwera, ndatanganidwa. Tidzakumana tsiku lina.' Mnzanga akuti ndisatumize. Chalakwika n'chiyani?" Bambo, mwaimva kalatayo.

Mlangizi: Ndaimva, ndipo mayi, mnzanuyo wakuthandizani. Kukana si mlandu, malipiro sangadikire. Vuto lili pa mawu awiri.

Mukati "ndatanganidwa" basi, akuluwo amva ngati mukuti nkhani yawo ndi yochepa kuposa zanu. Tchulani chimene chakugwirani, mwachidule komanso moona. Aliyense pa ofesi akudziwa chimene chimachitika malipiro akachedwa, ndiye chifukwa chanucho chidzilankhulira chokha. Musachite kuchulukitsa zifukwa, chifukwa zikafika zitatu munthu amayamba kukayika.

Koma chachikulu ndi "tsiku lina". Tonse tikudziwa kuti munthu akakuuza kuti "tidzaonana tsiku lina", nthawi zambiri ndiye kuti zathera pomwepo. Komanso mwawasiyira akuluwo ntchito yoti akulembereninso kufunsa kuti liti, pamene wasintha pulogalamu ndinu. Tsegulani kalendala yanu musanayankhe, musankhe nthawi ziwiri zimene mukutsimikiza kuti mudzapezeka, ndipo zikhale pafupi ndi tsiku limene anakuitanani. Mukatchula nthawi imodzi yokha zimamveka ngati mukulamula. Mukatchula ya mwezi wamawa, ndiye kukana komwe kuja.

Ndiye lembani chonchi: "Zikomo bwana pondiitana kumsonkhano wa Lachinayi. Pepani, tsiku limenelo sinditha kupezeka chifukwa ndikhala ndikumaliza malipiro a mwezi uno. Kodi zingatheke kuti tikumane Lachisanu nthawi ya 2 koloko masana, kapena Lolemba nthawi ya 9 koloko m'mawa? Ngati nthawi zimenezi sizikuyenererani, mundiuze imene ili yabwino kwa inu."

Onani kuti "pepani" ndamutchula kamodzi kokha, ndipo ndathera ndi pempho, kuti chigamulo chikhale m'manja mwawo.

Muulutsi: Nanga ngati kumsonkhanoko aitana anthu ambiri?

Mlangizi: Pamenepo zasintha. Simungapemphe kuti anthu khumi asinthe tsiku chifukwa cha inu nokha. Nenani kuti msonkhano upitirire, mutumiza mnzanu wa m'nthambi mwanu kapena mutumiziratu malipoti amene akufunika, kenako pemphani mphindi 20 Lachisanu kuti mudzakambirane zimene zikukhudza ofesi yanu. Ndipo mayi, yankho limeneli litumizeni lero, musadikire Lachitatu madzulo, akuluwo atakonza kale chipinda ndi kudziwitsa ena.

Muulutsi: Tipite ku kalata ina.