Kodi “u” wa Chiperisiya ndi mwamuna kapena mkazi?

Funso: N'chifukwa chiyani mlowam'malo wa Chiperisiya sasonyeza ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo womasulira achite chiyani?

Yankho: Chiperisiya chakale, cha m'nthawi ya Mfumu Dariyo, chinkagawa mayina m'magulu atatu: achimuna, achikazi ndi osakhala mbali iliyonse. Kusiyanaku kunkaonekera kwambiri kumapeto kwa mawu. Matchulidwe atasintha, mapetowo anafufutika, ndipo magulu aja anatha nawo. Lero “u” amaimira munthu aliyense, pamene “ishan” ndi waulemu.

M'Chichewa ntchitoyi ndi yopepuka, chifukwa “iye” nayenso sasankha, ndipo “iwo” amagwira bwino ulemu wa “ishan”. Msampha uli pa aneni. Chiganizo chakuti “u ezdevaj kard” chimangonena kuti munthuyo anamanga banja. Wolemba “anakwatira” wasandutsa munthuyo mwamuna, ndipo wolemba “anakwatiwa” wamusandutsa mkazi, pamene mwini nkhani sananene. Kumasulira kosalakwa ndi “analowa m'banja”.

Chingerezi ndicho chimakakamiza kusankha pakati pa “he” ndi “she”. Womasulira ayambe wafufuza umboni m'nkhani yonse, monga mawu aulemu “agha” kwa abambo ndi “khanom” kwa amayi, kapena “zan gereft”, kutenga mkazi, komwe kumanenedwa za mwamuna yekha. Umboni ukasowa, abwereze dzina kapena udindo wa munthuyo, apo ayi alembe “they”. M'ndakatulo za Hafez wokondedwa nthawi zambiri sadziwika kuti ndi ndani, ndipo kulemba “she” pamenepo n'kuwonjezera zimene mlakatuli sanalembe.