Dengu la Kumsika mu Kanema Wofotokoza Kukwera Mitengo kwa Zinthu: Mafunso ndi Mayankho

Bwanji tigwiritse ntchito dengu osangotchula maperesenti?

Chifukwa akatswiri nawo amawerengera ndi dengu. Ofesi ya boma ya NSO ku Zomba imatolera mitengo ya katundu yemweyo mwezi ndi mwezi, n'kuyerekeza mtengo wa dengu lonse ndi wa mwezi womwewo chaka chatha. Dengu lawo ndi lalikulu, muli lendi, thiransipoti ndi fizi. Lanu la mu kanema ndi laling'ono chabe, koma kawerengedwe kake n'kofanana.

M'dengumo muikidwe chiyani?

Zinthu zisanu zakwana, zomwe woonera amagula yekha. Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka. Chaka chatha mayi anagula ndowa ziwiri za chimanga pa K20,000, malita awiri a mafuta ophikira pa K10,000, mapaketi awiri a shuga pa K6,000, sopo pa K3,000 ndi mchere pa K1,000. Zonse pamodzi K40,000. Chaka chino chimanga chomwecho chili pa K28,000, mafuta K12,000, shuga K7,000, sopo akadali K3,000, mchere K2,000. Dengu lafika pa K52,000. Ndalama yoonjezera ndi K12,000, ndipo mukaigawa ndi K40,000 mupeza 30 peresenti. Wolankhula atchule makwachawo kaye, peresenti ibwere pambuyo woonera ataona kale kumene yachokera. Pojambula zenizeni, mitengo mukaitenge pamsika umodzi, ndipo mulembe mwezi wake pa kanemapo.

Mchere wakwera kawiri. Bwanji osayambira pamenepo?

Apa ndi pamene olemba ambiri amaterereka. Mchere wakweradi ndi 100 peresenti, koma m'thumba mwa mayi mwangochoka K1,000 yoonjezera. Chimanga chakwera ndi 40 peresenti yokha, koma chadya K8,000 mwa K12,000 ija. Chinthu chimalemera m'dengu malinga ndi gawo la ndalama za banja lomwe chimatenga. Mu kanema, unjikani ndalama zapepala pambali pa chinthu chilichonse kuti mulu wa chimanga uoneke kutalika kwake. N'chifukwa chake kuno ku Malawi nkhani ya mitengo imatsatira chimanga kwambiri, ndiponso banja losauka, lomwe ndalama zake zambiri zimathera pa chakudya, limamva kuwawa kuposa chiwerengero cha pa wailesi.

Kodi ndingasinthe katundu pakati pa kanema?

Ayi. Mukachotsa shuga n'kuikamo buledi, ndiye kuti mukuyeza madengu awiri osiyana. Samalaninso muyezo. Sopo wathu uja sanasinthe mtengo, koma ngati wachepa msinkhu, wakwera mobisa. Ogulitsa tomato amachita zomwezo: mulu ukhala pa mtengo wakale, koma mwa tomato asanu mutsala anayi. Sikelo ioneke pa kamera.

Ndiyerekeze miyezi iti?

Mwezi womwewo wa zaka ziwiri. Chimanga chimatsika anthu akakolola cha mu Epulo ndi Meyi, n'kukwera nthawi ya njala mu Januwale ndi Febuluwale. Mukayerekeza Meyi ndi Febuluwale, muonetsa nyengo basi.

Akalengeza kuti kukwera mitengo kwatsika, dengu litsika mtengo?

Funso ili lipatseni nthawi yochuluka mu kanema wanu, pakuti ndi pamene anthu amati boma likunama. Bweretsani dengu lomwe lija kachitatu. Tinene kuti chiwerengero chatsika kuchoka pa 30 kufika pa 20 peresenti. Dengu la K52,000 lionjezera K10,400, n'kufika pa K62,400. Wolankhula anganene kuti: "Mayi alipira zambiri kuposa chaka chatha. Chomwe chachepa ndi liwiro lokwerera." Mitengo kuti itsikedi, chiwerengerocho chiyenera kupita kunsi kwa ziro. Musadumphire ku fanizo la galimoto kapena chikepe apa. Woonera wazolowera dengu, musiyeni nalo.

Nanga dengu lingafotokoze chomwe chakweza mitengo?

Pang'ono chabe. Dengu limaonetsa kuti zakwera bwanji, silinena chifukwa. Chomwe mungachite ndi kuligawa pawiri. Mbali ina muike zodalira ndalama zakunja, monga mafuta ophikira omwe zipangizo zake zambiri zimachokera kunja, n'kukumbutsa kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mbali inayo muike chimanga, chomwe chimamvera mvula, ngakhale nachonso chimakhudzidwa ndi mtengo wa fetereza ndi wa dizilo wochinyamulira. Nkhani ya chiwongoladzanja cha banki yaikulu siikwana m'dengu. Imeneyo muisungire kanema wina.