Kufuna, kupempha kapena kufunsira: mawu oyenera m'kalata yantchito

Makalata ambiri ofunsira ntchito ku Malawi amalembedwa m'Chingelezi, koma pa ntchito monga yaulonda, yophika kapena yosamalira pamalo, mabwana ena amalandira kalata yam'Chichewa. Vuto ndi lakuti Chichewa timachiyankhula tsiku ndi tsiku, choncho mawu ochezera amalowa m'kalata ife osazindikira. Tiyeni titenge chitsanzo cha mnyamata amene waona chidziwitso chakuti pasukulu ina pakufunika mlonda, ndipo chiganizo chake choyamba walemba kuti, "Ndikufuna ntchito yaulonda."

Choyamba, pezani mawu amene asenza kalata yonse ndipo muwadule mzere kunsi. M'chiganizochi ndi "ndikufuna". Kenaka tengani pepala lina mulembe mawu onse ofanana nawo tanthauzo amene angakubwerereni, osasankha: kusaka, kufuna, kufunafuna, kupempha, kufunsira, kudandaulira, kuchonderera.

Tsopano asanjeni ngati makwerero. Pa liwu lililonse dzifunseni kuti, kodi ndani ndingamuuze zimenezi maso ndi maso? "Ndikusaka ntchito" mungauze mnzanu pabawo, ndiye likhale pansi penipeni. "Ndikufuna ntchito" mungauze mkulu wanu kapena amalume. Silotukwana ayi, koma kwa munthu wosamudziwa limamveka ngati la mwana amene akulamula kuti ampatse chakudya. "Ndikufunafuna" lafewako, komabe likunena za kuyendayenda kwanu konse, osati za ntchito iyi ya pasukulu iyi. Pamwamba pa amenewa pali awiri okha oyenera kalata: "kupempha" ndi "kufunsira".

Awiriwa ndiwo ofunika kuwalingalira mofatsa. Kupempha ndi ulemu ndithu, koma munthu amapemphanso mchere, ndalama kapena chikhululukiro, zinthu zimene wopereka amangopereka mwachifundo. Kufunsira ndi kwina. Ndi liwu lomwe timagwiritsanso ntchito pofunsira mbeta: wofunsira amadzionetsa kuti ndi ndani, amanena chimene ali nacho, ndipo amavomereza kuti mwini wake ali ndi ufulu womulola kapena kumukana. Umu ndi mmenenso ntchito imakhalira, popeza inu mukubweretsa mphamvu ndi luso lanu kuti mulandire malipiro. Nchifukwa chake ine ndimaika "kufunsira" pamwamba, ndipo ndilo liyenera kukhala pamutu wa kalata: KUFUNSIRA NTCHITO YAULONDA. Samalani kalembedwe kake. Mukasiya "ir" n'kulemba "ndikufunsa ntchito", zimveka ngati muli ndi funso chabe.

Nanga kudandaulira ndi kuchonderera? Apa mpamene ambiri amaterereka, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa amachita ndi mtima wabwino. Amaganiza kuti kudzichepetsa kwambiri ndiko ulemu woposa, ndiye amalemba kuti, "Chonde bwana ndagwira mwendo wanu, ndikuchonderera, ana anga akugona ndi njala." Mawuwa sali pamwamba pa makwerero, adumphira kumbali. Mphunzitsi wamkulu akufuna munthu woti azilondera katundu wa sukulu usiku. Akawerenga kalata yotere amadziwa mavuto anu, koma sadziwa ngati mungathe ntchitoyo.

Mukasankha liwu, libwezereni m'chiganizo ndipo muone ngati anzake oyandikana nalo ali pa msinkhu womwewo. Mnyamata wathu uja atha kulemba "ndikufunsira" bwinobwino, koma mzere wotsatira n'kunena kuti adagwirapo "maganyu" aulonda. Ganyu ndi ntchito ya nthawi yochepa chabe, ndipo ngati anagwira zaka ziwiri pamalo amodzi, liwulo likumuchepetsa. Alembe "ntchito". Asathamangirenso "udindo" pofuna kumveka wophunzira, chifukwa liwulo limayenera amene ankayang'anira anzake. Ngati analidi kapitawo wa alonda, pamenepo alilembe mosaopa.

Chiganizo chija tsopano chikhala chotere: "Ndalemba kalatayi pofuna kufunsira ntchito yaulonda imene munalengeza pa 3 Juni. Ndinagwirapo ntchitoyi kwa zaka ziwiri pagolosale ina." Onani kuti "kufuna" labweranso mu "pofuna", koma pano silikulamula munthu, likungonena cholinga cha kalata. "Kupempha" nalonso lili ndi malo ake kumapeto: "Ndikupempha kuti mundiganizire." Mwaligwiritsa ntchito kamodzi, pamalo poyenera, ndipo "chonde" safunikanso kubwerezedwa.

Pomaliza, werengani kalatayo mokweza ngati kuti bwanayo wakhala patsogolo panu. Liwu limene mungachite nalo manyazi kulitchula pamaso pake ndi lochezera, likwezeni. Limene lingakupangitseni kugwada pansi lapyola muyeso, lichotseni. Ngati pali munthu wamkulu pafupi, mumuwerengere iyeyo musanakoperere kalatayo papepala loyera.