Kufukula Mitu ya Pulojekiti M'kalasi: Mafunso ndi Mayankho a Aphunzitsi

Ndikauza ophunzira kuti asankhe mutu wa pulojekiti, onse amabweretsa mitu yofanana. Vuto limakhala pati?

Nthawi zambiri vuto limakhala pa mawu akuti "sankhani". Munthu amasankha pa zinthu zimene zilipo kale, pomwe mwana amene mwangomufunsa kumene alibe chilichonse m'manja. Choncho amatola mutu umene wamva kwa mnzake, kapena umene akuganiza kuti aphunzitsi aukonda. Ntchitoyi igaweni pawiri. Tsiku loyamba likhale lokhuthula maganizo okhaokha, lachiwiri likhale lopeta. Mayi sapeta mphale asanamalize kukonola, ndipo mphunzitsi amene amaweruza ganizo lililonse likangotuluka amatseka pakamwa kalasi yonse.

Kukhuthula maganizo kuli ndi malamulo otani?

Njirayi anaitchukitsa ndi Alex Osborn, katswiri wa zotsatsa malonda wa ku America, m'buku lake la mu 1953. Iye anapereka malamulo anayi. Pasakhale wonyoza ganizo la mnzake. Maganizo achuluke ndithu. Ngakhale ganizo looneka lopusa lilandiridwe. Aliyense ali ndi ufulu wowonjezera pa ganizo la mnzake kapena kulumikiza maganizo awiri. Lembani malamulowa pakona pa bolodi, koma dziwani kuti woyamba kuwaswa amakhala mphunzitsi. Mukauza mwana mmodzi kuti "wakhoza kwambiri", wachiwiri n'kungomugwedezera mutu, kalasi yamva kale kuti mwaweruza. Yankho lanu likhale limodzi kwa onse: "Zikomo, ndalemba. Wina?"

Kalasi yanga ili ndi ophunzira 72. Kodi ndingolola aliyense kuimika dzanja?

Ayi, yambani ndi kulemba. Kafukufuku amene anachitika pa yunivesite ya Yale mu 1958 anapeza kuti anthu oganiza aliyense payekha, maganizo awo akaphatikizidwa, amaposa gulu lokambirana pamodzi. Akatswiri ena, Diehl ndi Stroebe, anaonetsa chifukwa chachikulu mu 1987: pagulu amalankhula munthu mmodzi pa nthawi, ndipo amene akudikira amaiwala ganizo lake kapena kuleka kuganiza zatsopano. M'kalasi ya 72 mzere wodikirawo ndi wautali, ndipo amanyazi safika n'komwe.

Gawani kalasi m'magulu 12 a anthu asanu ndi mmodzi. Aliyense athothole pepala, alembe maganizo atatu m'mphindi zitatu, kenaka apatsire pepalalo mnzake wa kudzanja lamanja. Wolandirayo awerenge zimene zalembedwa, awonjezere atatu ena. Aliyense akalemba katatu, gulu lililonse likhala ndi maganizo okwana 54 m'mphindi zosapitirira khumi. Ambiri adzakhala obwerezedwa, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Ndiwapatse poyambira potani?

Mawu amodzi a chinthu chimene amachidziwa kunyumba. Mukanena kuti "ulimi", mwatambasula kwambiri ndipo adzangokubwezerani mitu ya m'buku. Mukanena kuti "feteleza wa chimanga", mwapanikiza. Kwa a Fomu 3 paphunziro la zaulimi, mawu akuti "chimanga" ali pakatikati. Musafunse kuti "Mukudziwa chiyani za chimanga?" chifukwa funso lotere limabweretsa zoloweza. Funsani kuti, "Ndi chiyani chokhudza chimanga chimene chimadandaulitsa anthu kwanu, kapena chimene akuluakulu amatsutsana?" Apo mudzamva za anankafumbwe, za ntchemberezandonda, za mavenda, za mbewu yamakolo ndi ya haibulidi.

Nanga mapu a maganizo amalowa pati?

Amalowa pamene mulu wa maganizo wakula ndipo ukufunika kusanjidwa. Mapuwa, amene anawatchukitsa ndi Tony Buzan wa ku Britain m'zaka za m'ma 1970, amaoneka ngati mtengo mukauyang'ana kuchokera pamwamba. Lembani "chimanga" pakati pa bolodi ndi kuzunguliza mzere. Gulu lililonse liwerenge ganizo limodzi lomwe silinatchulidwe, ndipo kalasi inene nthambi imene ganizolo likhalepo. Musajambuliretu nthambi, zituluke m'maganizo a ana. Mwina mudzapeza zisanu ndi imodzi: mbewu, nthaka, tizilombo, kasungidwe, msika ndi zakudya. Panthambi iliyonse lembani liwu limodzi kapena awiri basi. Mukalemba "phulusa limapha anankafumbwe", nkhani yatha. Mukalemba "phulusa" lokha, pamamera mphukira zina: la mtengo wanji, lochuluka bwanji, kwa miyezi ingati.

Mapu amaonetsa zinthu ziwiri zimene mndandanda wamba umabisa. Choyamba ndi nthambi yowonda. Ngati "tizilombo" ili ndi mphukira 15 koma "zakudya" ili ndi ziwiri, perekani mphindi zitatu zina panthambi yowondayo, ndipo mgaiwa, gaga, thobwa ndi chigumu zidzatulukira. Chachiwiri ndi ubale wa nthambi zotalikirana. Tengani choko cha mtundu wina, mufunse mwana alumikize mawu awiri. Akalumikiza "kasungidwe" ndi "msika", pamabadwa funso limene panalibe amene analilemba papepala: kodi kuopa anankafumbwe n'kumene kumachititsa mabanja kugulitsa chimanga chotchipa nthawi yokolola?

Liwu la pamapu limasanduka bwanji mutu wa pulojekiti?

Tsatirani nthambi kuchokera pakati mpaka kunsonga, kenaka musandutse njirayo funso. Mwachitsanzo: chimanga, kasungidwe, anankafumbwe, phulusa. "Anankafumbwe" pawokha si mutu, chifukwa mwana angokopera ndime ya m'buku. Mutu ndi uwu: "Kodi chimanga chosakaniza ndi phulusa chimachedwa kufumbwa kuposa chopanda kanthu?" Funsoli likunena lokha zochita. Gulu lipeze mabotolo asanu ndi limodzi, liike maso a chimanga 200 ndi anankafumbwe khumi m'botolo lililonse, lithire phulusa m'mabotolo atatu, lisiye atatu enawo, limange kansalu kukamwa kuti mpweya uzilowa. Sabata iliyonse, kwa masabata asanu ndi atatu, liwerenge maso obooka. Gulu lililonse litenge nthambi imodzi ndi kutulutsa mafunso asanu otere. Magulu 12 akupatsani mitu 60.

Pa mitu 60 imeneyi, tipeta bwanji?

Pa tsiku lachiwiri, mutu uliwonse uyesedwe ndi mafunso atatu. Kodi ungathe teremu isanathe? Kodi zipangizo zake zikupezeka popanda kugula zodula? Kodi yankho lake lifuna kuyeza, kuwerenga kapena kufunsa anthu? Mutu wofananitsa zokolola za mbewu ziwiri ugwa pafunso loyamba ngati muli m'mwezi wa Juni ndipo sukulu ilibe dimba. Wofuna mankhwala ophera tizilombo uchotsedwe pofuna kuteteza ana. Mutu ukagwa, yesani kuuchepetsa musanautaye: m'malo mwa zokolola, gulu lingayeze kuti pa mbewu 100 za mtundu uliwonse zamera zingati pakatha masiku khumi.

Ndidziwa bwanji kuti phunziro silinayende bwino?

Yang'anani bolodi. Ngati nthambi zikufanana ndendende ndi mitu ya m'silabasi, mapuwo ndi anu, si a ana. Ngati mulibe ganizo ngakhale limodzi loseketsa, ana amaopa. Ngati nthambi zonse zikuthera pa mphukira yoyamba, mwafulumira; mitu yabwino imapezeka pa mphukira yachitatu kapena yachinayi. Ndipo kalasi ikakhala chete pakatha mphindi zochepa, musatseke msanga. Maganizo oyamba ndi amene aliyense anali nawo kale. Dikirani pang'ono, mulozenso nthambi yowonda, mufunse kuti, "Agogo anu akanati chiyani pamenepa?"